Bwanji katundu wochokera kunja akungokwera mtengo? Mafunso ndi mayankho a ku banki mkhonde

Mwezi wathawu a tcheya a gulu lathu la banki mkhonde anandipempha kuti tisanayambe kuponya masheya ndiyankhuleko za mitengo, chifukwa sabata iliyonse nkhani imakhala yomweyo, wina akuti belo la kaunjika lakwera, wina akuti feteleza sakugwirika, wina wabweza ngongole mochedwa chifukwa mpamba wadyeka. Ndinayankhula pafupifupi ola lathunthu pansi pa mtengo wa mango, ndiye kuchokera tsiku limenelo mafunso sakutha, ena amachita kundiimitsa pa mjigo. Ndasonkhanitsa omwe amabwera mobwerezabwereza ndipo ndayankha monga momwe ndinayankhira pagulu paja.

Ife timagula ndi kwacha, ndiye dola ikutikhudza bwanji?

Amayi ndi abambo, kwacha imagwira ntchito mkati mwa Malawi muno basi. Mwini fakitale ya feteleza kunja, kapena wogulitsa dizilo amene amafika pa sitima ku Beira, mukamupatsa ma K5,000 athuwa alibe nawo ntchito, sangagulire kanthu kwawoko. Amafuna dola. Ndiye kampani ya kuno imayenera iyambe yagula dola ndi makwacha ake, kenako dola ija ndiyo ikagule katundu.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Dola nayo ndi katundu, ili ndi mtengo wake ngati chimanga pa msika. Thumba la feteleza limene mumagula pa kwacha linayamba lagulidwa pa dola, ndiye dola ikakwera, thumba lija limakwera ngakhale mwini fakitale kunjako asanawonjezere olo pang'ono.

Nanga madolawo akusowa chifukwa chiyani?

Chifukwa timagula zambiri kunja kuposa zomwe timagulitsako. M'zaka zapitazi katundu amene dziko lathu limaitanitsa pa chaka amakwana pafupifupi madola 3 biliyoni, pomwe amene timagulitsa kunja amatibweretsera pafupifupi 1 biliyoni yokha. Tangoganizani banja limene limapeza K100,000 pa mwezi koma zofuna zake ndi za K300,000. Mpata wotsalawo umatsekedwa ndi ngongole, thandizo la mayiko ndi mabungwe akunja, komanso ndalama zomwe abale athu a ku Joni ndi kwina amatumiza, ndipo zimenezi zikachepa ndi pomwe mumamva kuti m'mabanki mulibe foreksi.

China ndi choti madola athu ambiri amachokera pa mbewu imodzi. Fodya yekha amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zomwe timapeza pa katundu wogulitsa kunja, kenako tiyi, shuga, mtedza, soya, nandolo ndi makadamiya. Fodyayo amagulitsidwa ku okushoni ya Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu kuyambira cha mu Epulo kwa miyezi yowerengeka chabe. Msika ukatsekedwa madola amachepa kulowa, ndipo nthawi yomweyo ndi imene dziko likufuna madola ambiri oti liitanitsire feteleza mvula isanagwe. Inu nomwe mumadziwa m'mene chimanga chimakhalira chotchipa mu Meyi nkudzakhala chodula mu Januwale, dola nayo ili ndi miyezi yake ya njala.

Kukachitika ngozi ngati namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 kapena ng'amba ya 2024, timakolola zochepa zogulitsa kunja, komanso timayamba kuitanitsa ndi chimanga chomwe, ndiye madola ochepa aja akulimbiranidwa ndi anthu ochulukirapo.

Pa wailesi amati kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Zimatanthauza chiyani?

Banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, ndiyo imayang'anira reti yovomerezeka yomwe mabanki amagulitsira dola. Mu Meyi 2022 inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, dola inachoka pa ma K820 chakuti nkudutsa K1,000. Mu Novembala 2023 inachepetsanso, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Mu Malichi 2024 inasunthanso pang'ono kufika pa K1,751. Akuluakulu mukukumbukanso Meyi 2012 pomwe dola inachoka cha pa K168 kufika cha pa K250.

Tsono 44 peresentiyo ndi m'mene dola inakwerera. Chotsani K1,180 pa K1,700, yatsala K520, ndipo K520 ndi 44 peresenti ya K1,180. Kunena kwina, katundu wa madola 100 amene dzulo amafuna K118,000, lero akufuna K170,000. Ndalama yanu m'bokosi la gulu sinachepe nambala, K118,000 ikadali K118,000, koma dzulo imagula madola 100 ndipo lero ikugula madola 69 okha.

Koma reti ya ku banki inakhala nthawi yaitali pa K1,751 osasuntha, bwanji mitengo imangokwerabe?

Funso ili ndi lomwe ndinakhalitsapo kwambiri chifukwa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Pali mitengo iwiri ya dola. Wina ndi wolembedwa pa bolodi ku banki, wina ndi umene munthu amalipira akafunadi dola m'manja lero lomwe. Mukukumbukira nthawi zina ku depoti ya chimanga mtengo umakhala wabwino koma chimanga mulibe, mumagona pa mzere masiku awiri, mapeto ake mumakagula kwa venda pa mtengo wowirikiza. Ndi chimodzimodzi. Wabizinesi amapereka mapepala ku banki kupempha madola, amamuuza kuti adikire, sabata zimatha, miyezi imatha, shopu ikuuma, ndiye amapita ku blakimaketi. Mu 2025 dola ku blakimaketi inadutsa K4,000 pomwe ku banki inali idakali pa K1,751.

Tibwerere ku katundu wathu wa madola 100 uja. Amene wapeza dola ku banki walipira K175,100. Amene wagula kuseri pa K4,000 walipira K400,000 pa katundu yemweyo. Ndipo poti ogula kuseri ndi ochuluka, makamaka a zovala, zipangizo za galimoto ndi njinga zamoto, mafoni, ziwiya, mtengo wa pa msika umatsatira reti ya kuseriyo. Ngakhale uja wapeza dola yotchipa ku banki nthawi zambiri amagulitsa pa mtengo wa anzake, chifukwa sakudziwa ngati ulendo winawo adzaipezanso. Nchifukwa chake kumayambiriro kwa 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anachita zionetsero, belo linali litakwera modetsa nkhawa koma pa pepala kwacha inali isanagwe.

Ndiye mukamva kuti reti ili pomwepo, musathamangire kunena kuti ogulitsa akunama. Funsani kaye kuti dola ikupezeka kapena ayi.

Katundu anali kale mu shopu kwacha isanagwe, bwanji akumukweza usiku umodzi? Si kuba kumeneko?

Amayi ena anafunsa funso ili atakwiya ndithu, ndipo ndikuwamvetsa. Ena alipodi amene amapezerapo mwayi, amabisa katundu kapena kukweza mopyola muyeso, zimenezo sindingawaikire kumbuyo. Koma tiyeni tiwerenge kaye limodzi, chifukwa ambiri mwa inu muli ndi mageni ndipo nkhani yomweyi ndi imene ikukudyerani mpamba.

Tinene kuti mayi wina mwa ife watenga ngongole ya K118,000 m'gulu muno, wakapikula zitenje zomwe mtengo wake ndi wofanana ndi madola 100, nthawi yomwe dola ili pa K1,180. Wawerengera kuti akagulitsa zonse apeza K150,000, ndiye akuti phindu ndi K32,000. Ali mkati mogulitsa, dola yafika pa K1,700. Iye poopa kuti makasitomala amunena, wapitiriza pa mtengo wakale mpaka zonse zatha, m'manja muli K150,000. Akabwerera kukapikula, zitenje zomwezija zikufuna K170,000. Ndalama yonse ndi phindu lomwe sizikukwana kugula katundu amene anali naye poyamba, zaperewera ndi K20,000.

Ndipo apo sitinachotse chiwongola dzanja. Ngati gulu limadula 20 peresenti pa mwezi, pa K118,000 akuyenera kubweza K141,600. Akabweza amatsala ndi K8,400, thiransipoti yokha yadya kale. Kuti apikulenso mulu womwewo akuyenera kubwereka K170,000 kapena kuposa, ngongole yakula koma geni ndi yomweija. Zikachitika kawiri katatu mumangoona benchi yayamba kuchepa katundu, kenako mumamva kuti mayi uje anasiya geni, anthu nkumati sadziwa kusunga ndalama pomwe vuto linali masamu.

Ndiye lamulo lomwe ndinawauza a gulu ndi ili, mtengo wogulitsira muziuwerengera kuchokera pa ndalama yomwe mukapikulire katundu wina, osati yomwe munapikulira amene muli nayeyo. Musanagulitse mulu womaliza imbani foni kwa amene mumapikulako mufunse kuti lero zili pa bwanji. Mwini shopu amene wasintha mitengo m'mawa kwacha itagwa akuchita zomwezi, kusiyana kwake iye amafunsa tsiku lililonse.

Mungamuzindikire bwanji wokweza mwachilungamo ndi wongodyera anthu masuku pamutu? Yerekezani. Ngati dola yakwera ndi 44 peresenti koma chinthu chawirikiza katatu, ndipo shopu zina m'tauni momwemo zikugulitsa motsikirapo kwambiri, pamenepo pali china.

Kupatula dola, ndi chiyani china chimawonjezera mtengo katundu asanafike kuno?

Mtunda. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, katundu amatsikira ku Beira kapena Nacala ku Mozambique, Dar es Salaam ku Tanzania, kapena Durban ku South Africa, kenako amayenda pa thiraki kapena pa njanji makilomita mazanamazana kudzalowera pa boda ya Mwanza, Dedza, Songwe ndi ena. Malipiro a sitima, a pa doko ndi ambiri a pa msewu amakhala a ndalama zakunja.

Pa boda a MRA amadula msonkho potengera mtengo wa katunduyo atausintha kukhala makwacha, ndiye kwacha ikagwa msonkho nawo umakula m'makwacha ngakhale peresenti yake isanasinthe. Pamwamba pake holoselo aikapo yake, wa shopu aikapo yake, wa okala pamudzi pano aikapo yake, ndipo aliyense amaika peresenti pa mtengo wokwera kale. Nchifukwa chake ife a kumudzi timalipira zambiri kuposa a m'tauni pa sopo yemweyo.

Nthawi zina mtengo umakweranso kunja komweko. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, feteleza, tirigu ndi mafuta zinakwera padziko lonse, ndiye ife tinamenyedwa kawiri, katundu wakwera pa dola, dolanso yakwera pa kwacha. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 lomwe cha mu 2020 limagulidwa pa ma K20,000 chakuti, pofika kumapeto kwa 2024 linali litadutsa K100,000.

Ine ndimapikula ku Tanzania ndi ku Chipata, sindigwira dola. Zikundikhudzanso?

Eya achimwene, zikukukhudzani. Osintha ndalama pa Songwe kapena pa Mchinji amayang'ana kuti kwacha yathu ikugula madola angati, shilingi kapena kwacha ya Zambia ikugula angati, nkupeza reti yawo pamenepo. Kwacha ikafooka pa dola ku blakimaketi, imafookanso pa shilingi, randi ndi zina zonse, pokhapokha ngati ndalama ya anzathuwo ikugwa mofulumira kuposa yathu. Masamu a zitenje ndawerenga pamwambapa ndi anu ndendende.

Nanga tomato, chimanga ndi buledi, si za konkuno? Bwanji nazo zikukwera?

Tomato ndi wa m'dimba mwathu inde, koma mbewu yake yambiri ndi yakunja, mankhwala opopera ndi akunja, feteleza ndi wakunja, ndipo galimoto yomutengera ku msika imamwa dizilo. Buledi amaphikidwa konkuno koma tirigu pafupifupi yense timaitanitsa. Mafuta ophikira ambiri amayengedwa m'mafakitale athu koma gawo lina la zopangira zake limachokera kunja, sopo chimodzimodzi. Malata amapindidwa kuno koma chitsulo chake chimabwera pa sitima.

Ndiye pali mafuta a galimoto omwe amakhudza chilichonse. Mtengo wake amalengeza ndi a MERA. Kwacha itagwa mu Novembala 2023, petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, dizilo anachoka pa K1,920 kufika pa K2,734. Sabata yomweyo minibasi, kabaza wa njinga yamoto, chigayo cha dizilo, zonse zinasintha mitengo. Ndipo mtengo wa pa pampu ukagwiridwa kuti usakwere pomwe madola ogulira mafutawo kulibe, zotsatira zake ndi mizere pa filing'i siteshoni ndi mafuta a m'zigubu odula kuposa apo, wa kabaza amakulipiritsanibe.

Mlimi naye ndi munthu, akufuna sopo ndi fizi ya mwana. Akapanda kukweza tomato wake ndiye kuti akugwira ntchito yaulere.

Boma silingangolamula kuti dola itsike, kapena kusindikiza ndalama zambiri kuti aliyense akhale nazo?

Kulamula reti lingathe, ndipo lakhala likuchita, koma lamulo silibala madola. Zomwe zimachitika ndafotokoza pa funso la K1,751 lija. Palinso vuto lina, reti ya ku banki ikakhala yotsika kwambiri, munthu amene ali ndi madola sawapititsa ku banki, amakagulitsa kuseri komwe apeze zowirikiza, ndiye mabanki amaumiratu.

Kusindikiza ndiye kumaonjezera moto. Boma likamagwiritsa ntchito ndalama zambiri kuposa misonkho yomwe latolera nkumabwereka mkati mwa dziko momwemuno, makwacha amachuluka m'manja mwa anthu koma matumba a feteleza ndi madola ndi omwe aja. Tiyerekeze pa msika pabwera mbuzi khumi zokha, ogula onse mwawapatsa ndalama zowirikiza kawiri, mbuzi sizichuluka, mtengo wake ndi umene ukwere. Mu 2024 mitengo ya zinthu imakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pa chaka, ndipo banki yaikulu inakweza chiwongola dzanja chake kufika pa 26 peresenti pofuna kuchepetsa makwacha oyendayenda. Izi nazo zili ndi ululu wake, wabizinesi wobwereka ku banki amalipira zambiri ndipo amaziika pa mtengo wa katundu.

Kodi mitengoyi idzatsikanso?

Sindikufuna kukunamizani. Mukamva pa wailesi kuti kukwera kwa mitengo kwatsika, sakutanthauza kuti sopo watsika, akutanthauza kuti akukwerabe koma pang'onopang'ono. Chimanga chimatsika nthawi yokolola, koma katundu wa m'shopu akakwera kawirikawiri sabwerera.

Chomwe chimatheka ndi kukhazikika, ndipo tinachionapo. Kuyambira cha mu 2016 mpaka 2019 dola inakhala pa ma K720 ndi K730 chakuti kwa zaka zingapo, ndipo mu 2017 kukwera kwa mitengo kunatsika kufika pansi pa 10 peresenti. Nthawi imeneyo munthu umatha kupanga pulani ya malata mu Januwale nkudzawagula mu Disembala pa mtengo wosasiyana kwambiri.

Ndiye masheya athu m'bokosimu akupindula kapena akuluza?

Apa ndi pomwe gulu linakhala chete. Timasangalala pogawana chifukwa nambala yakula, koma nambala yokha sikutiuza kanthu. Tinene kuti masheya anu onse pa chaka ndi K100,000 ndipo pogawana mwalandira K130,000, mwapindula K30,000. Ngati chaka chomwecho zinthu zakwera ndi 30 peresenti, K130,000 yanuyo ikugula zomwe K100,000 imagula poyamba paja, simunaluze koma simunapindulenso. Amene anasunga K100,000 yake pansi pa matiresi ndiye waluza zenizeni, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu ya ndalama yake lapita. Ndiye gulu likuthandizabe, bola ndalama izizungulira, isamagone m'bokosi.

Ndinapempha alembi athu kuti tsiku lotsegula chaka azilemba pa tsamba loyamba la kaundula mtengo wa zinthu zitatu zomwe ambirife timasungira ndalama, thumba la feteleza, lata limodzi ndi malita asanu a mafuta ophikira. Tsiku logawana tizilembanso mitengo ya tsikulo pambali pake. Aliyense agawe ndalama yake ndi mtengo wa thumba aone kuti walandira matumba angati. Ngati chaka chatha munatuluka ndi matumba awiri ndipo chaka chino mwatuluka ndi limodzi ndi theka ngakhale makwacha achuluka, mwadziwa pomwe muli.

Tikweze chiwongola dzanja cha gulu kuti tithamangitsane ndi mitengo?

Ine maganizo anga ndi oti ayi. Magulu ambiri amadula kale 10 kapena 20 peresenti pa mwezi, zomwe ndi zokwera kwambiri kuposa m'mene mitengo ikukwerera pa mwezi. Vuto si kuchepa kwa chiwongola dzanja, vuto ndi ndalama yogona ndi ngongole zosabwezedwa. Mukakweza, obwereka ake ndi ife tomwe, ndipo mwaona kale mayi wa zitenje uja m'mene anatsalira ndi K8,400. Mukamuonjezera chiwongola dzanja adzalephera kubweza ndipo gulu lonse ndi limene lidzaluze.

Chomwe chingathandize ndi kuyang'ana nthawi yogawana. Magulu ambiri timagawana mu Disembala, feteleza atakwera kale ndipo mvula itagwa. Gulu lomwe ambiri ndi alimi lingathe kugwirizana kuti chaka chake chizitha mu Ogasiti kapena Seputembala, kapena kulola kuti ofuna feteleza ndi mbewu abwereke msanga agule asanayambe kulimbirana. Kuphatikiza ndalama nkukagula pamodzi ku holoselo kumachotsanso phindu la anthu awiri atatu apakati ndi thiransipoti ya aliyense payekha. Kungoti feteleza wogula msanga amafuna posunga pouma, pa mathabwa osati pa simenti kapena pa dothi, apo ayi Urea amayamwa chinyezi nkuundana.

Bwanji gulu lingogula madola nkusunga m'bokosi?

Ayi, chonde musayerekeze. Kugula kapena kugulitsa ndalama zakunja kwa munthu wopanda chiphaso ndi mlandu, akakugwirani ndalama ya gulu lonse ingathe kulandidwa. Madola achinyengo nawo alipo ambiri ndipo palibe mwa ife amene angawazindikire ndi maso. Komanso reti ya kuseri simangokwera, imatsikanso mwadzidzidzi, mutha kugula pa K4,500 nkudzagulitsa pa K3,800. Ndipo dola yogona m'bokosi sibwerekedwa kwa membala, ndiye sibala chiwongola dzanja chilichonse.

Ngati mukufuna kusunga mphamvu ya ndalama yomwe mwagawana, igwiritseni ntchito pa chinthu chomwe munaisungira sabata yomweyo. Ofuna malata gulani malata ngakhale khoma lisanathe, ena amagula mbuzi, ena mtedza kapena soya nthawi yokolola nkudzagulitsa mtsogolo, podziwa kuti mbuzi imadwala ndipo mtedza umafuna chisamaliro posunga. Simenti yokha musasunge nthawi yaitali, miyezi ingapo imayamba kuuma m'thumba momwemo ndipo mudzakhala mwagula miyala.